Renda yanga ikuoneka ngati pulasitiki, ndikufuna aluminiyamu wokwecha

Kachepa3D

Abale, ndithandizeni, mutu waima. Ndapeza kaganyu kwa bwana wina wa ku Msasa amene akupanga mabokosi a mabatire a sola, akufuna chithunzi choika pa kapepala ka malonda bokosi lenileni lisanatuluke. Kutsogolo kwa bokosi kuli puleti ya aluminiyamu ya mamilimita 300 m'litali ndi 180 m'lifupi, ija yokhala ndi timizere tokwecha ngati ya pa mawailesi akale, ndipo pakati pali kabatani kozungulira kopotokola. Ndikugwiritsa ntchito Blender. Ndaika `Metallic` pa 1, `Roughness` pa 0.5, `Base Color` ndasankha yotuwa ngati phulusa, `Anisotropic` ndakweza mpaka 0.8. Chotuluka chake ndi chinthu chambuu ngati beseni la pulasitiki la pa Mbare Musika. Bwanayo wandifunsa ngati ndinachipaka simenti. Akufuna chithunzi Lachisanu. Ndikulakwitsa pati?

ChiphaliwaliZW

Amwene, ikani HDRI basi. Tengani ya situdiyo pa Poly Haven, ndi yaulere. Nkhani yatha.

Kachepa3D

HDRI ilipo kale achimwene. Kabatani kakuonekako bwino pang'ono, koma puletiyo ili mbuu kuyambira uku mpaka uko.

Nachisale_D

Funso loyamba: mukurendera mu Cycles kapena mu EEVEE? `Anisotropic` ya pa Principled BSDF imagwira mu Cycles mokha. Mu EEVEE mutha kuikokera mpaka kumapeto tsiku lonse, palibe chingasinthe.

Kachepa3D

Eee. Ndili mu EEVEE chifukwa laputopu yanga imalira ngati chigayo ndikayatsa Cycles, komanso kuno ku Mufakose magetsi amabwera anthu atagona. Ndasintha tsopano. Koma zaipiraipira: pa puleti patuluka kuwala kozungulira ngati pansi pa sefuliya, kochokera pakati penipeni. Ine ndikufuna mizere yowongoka.

MadalaAkuMagaba

Mwanawe, aluminiyamu sakwecha mozungulira. Umatenga sandipepala, kuikulunga pa kathabwa, kenako n'kumakoka mbali imodzi, kuchoka kumapeto mpaka kumapeto osaima pakati. Ukaima pakati pamatsala kachipsera. Ine ndimayamba ndi 180, ndikafuna yosalalirapo ndimatsiriza ndi 240. Ukatenga galayinda ndiye zimatuluka zozungulirazo. Bweretsa puletiyo ku Siyaso ndikukonzere, sindingakudulitse.

ChiphaliwaliZW

Madala, puletiyo ili mu kompyuta, kulibe choti abweretse 😂

MadalaAkuMagaba

Ndiye mukuvutikiranji? Pangani yeniyeni mujambule ndi foni.

Nachisale_D

Musawaseke madalawa, anena chinthu chimene ambiri a ife orenda sitichiyang'ana. Kachepa, lowani kukhitchini mutenge sefuliya ndi tochi ya foni. Pansi pa sefuliya timizere timayenda mozungulira, koma kuwala kumachoka pakati kupita kumphepete ngati masipoko a njinga. Ndiye kuti kuwala kumatambasuka mopingasa timizere, osati motsatira timizere. Kamzere kalikonse kali ngati kangalande kakang'ono: m'litali mwake ndi mosalala, koma m'mbali mwake mwapendekeka, ndiye kuwala kumamwazikira uku ndi uku modula ngalandezo. Puleti yanu ikakhala ndi timizere togona, kuwala kuyenera kuima chilili.

Tsopano zozungulira mwaonazo zikuchokera apa. Mukapanda kulumikiza kanthu pa `Tangent`, Blender imangotenga `Tangent` yozungulira mzere wa Z wa chinthucho. Ndikukhulupirira kuti puletiyo munaipanga itagona pansi, kenako n'kuidzutsa, ndiye Z yake ikutuluka pankhope penipeni. Pa kabatani kanu kaja `Tangent` yozungulirayi ndi yolondola, mungoika `Anisotropic Rotation` yake pa 0.25 kuti kuwala kuchoke pakati kupita kumphepete. Pa puleti muyenera kuiuza njira nokha. Yang'anani puleti kuchokera kutsogolo ndi `Numpad 1`, lowani mu Edit Mode, sankhani nkhope, dinani `U` ndi kusankha `Project from View`. Kenako onjezani nodi ya `Tangent`, isintheni kuchoka pa `Radial` kupita pa `UV Map`, ndipo ilumikizeni.

Apa pali msampha. `Tangent` idzatsata mbali yogona ya UV, ndipo Blender imatambasula kuwala motsatira `Tangent`. Kuwala kudzagona, pamene inu mukufuna kuti kuime. Ikani `Anisotropic Rotation` pa 0.25, ndiko kutembenuza madigiri 90. Ngati muli pa Blender 4.0 kapena yatsopano kuposa apo, zonsezi anazibisa pansi pa kagawo ka `Specular`, muyenera kukatsegula.

Kachepa3D

Achemwali mwalasa, ndinaipangadi itagona. Ndachita zonsezo, zozungulira zatha. Komabe ikuoneka yakuda, ngati chitsulo cha geti.

Nachisale_D

Ndi `Base Color` yanuyo. Pa chinthu cha `Metallic` 1, mtundu umenewo sukhala penti, umanena kuchuluka kwa kuwala kumene chitsulo chikubweza. Aluminiyamu amabweza kuwala kopitirira magawo 90 pa 100 alionse. Inu mwamupatsa phulusa, ndiye mwamuuza kuti ameze theka. Ikani manambala atatu a RGB pafupi ndi 0.91, 0.92, 0.92. Pa kabokosi adzaoneka pafupifupi woyera, musaope. Kutuwa kumene timaona pa aluminiyamu weniweni si kwake, ndi kwa zinthu zomuzungulira. `Roughness` tsitsani ifike cha m'ma 0.3. Pa 0.5 zonse zimasungunuka n'kukhala phala.

BamboAkeTadala

Ine sindikugwirizana nazo za 0.91. Ndakhala ndikurenda mafelemu a mawindo kwa anthu a ku Graniteside zaka zambiri, ndikaika choncho zimatuluka ngati siliva wa mphete. Ndimaika 0.7 ndipo makasitomala sanadandaulepo.

Nachisale_D

Bambo a Tadala, mafelemu a mawindo ambiri amakhala okutidwa, kaya ndi penti ya ufa ija kaya ndi kachikopa ka anodayizi, ndipo kachikopako kamaziziritsa kunyezimira. Pamenepo 0.7 yanu ili bwino. Koma wokwecha kumene, wosakutidwa, ndi wowala kwambiri. Mukamutsitsa choncho amayamba kufanana ndi chitsulo cha sinki ya kukhitchini, chimene ndi chakuderapo komanso chopita ku chikasu pang'ono.

BamboAkeTadala

Ndiye funsani kaye bwanayo ngati puleti yake idzakhale yokutidwa. Mapuleti ambiri a pa zipangizo zamagetsi amawakwecha kenako n'kuwakuta, apo ayi zala zimasiya zidindo. Mwina mukulimbana ndi kuwala kumene chinthu chenicheni sichidzakhala nako.

Kachepa3D

Funso labwino limenelo, sindinamufunse. Ndimutumizira uthenga. Panopa ndaika 0.91 ndi 0.3. Kabatani kakongola zedi, ngati ka pa wailesi ya agogo anga. Puleti yayera, koma ikadali mtundu umodzi ponseponse. Ngati pepala.

MlongoWaHatfield

Pepani kulowerera. Alipo akupita ku Blantyre sabata ino pa basi ya pa Roadport? Ndili ndi kathumba ka mankhwala a amayi, sikolemera.

ChiphaliwaliZW

Ine ndikupita koma mwezi wamawa. Mundipeze kumbali. Mukabwerako wina atitengereko usipa, kapenta wa kunoyu watikwana.

MadalaAkuMagaba

Kapenta alibe mlandu. Simudziwa kukazinga.

Sekuru_Phiri_Renda

Tibwerere ku puleti. Ndawerenga zonse, ndipo Nachisale wakonza chitsulo bwino lomwe. Chatsala si chitsulo ayi, ndi chimene chitsulocho chikuona.

Kachepa, chita izi usanakhudze china chilichonse. Tsitsa `Roughness` ifike pa 0 kwa kanthawi. Puleti isanduka kalilole. Yang'ana mu kamera undiuze chimene ukuona m'kalilolemo. Ndikubetcha kuti ukuona khoma limodzi lopanda kanthu la HDRI ija. Chitsulo chilibe mtundu wake wa thupi monga thabwa kapena nsalu. Chonse chimene umaona pa icho ndi chithunzi cha zozungulira, chopakidwapakidwa. Kabatani kakukongola chifukwa ndi kopindika, kakuona chipinda chonse, nyali ndi mdima womwe. Puleti ndi yafulati, ndipo ngati kamera ili patali ndi lenzi yaitali monga amachitira ojambula katundu, puleti yonse ikuyang'ana kachigawo kakang'ono kamodzi ka chipindacho. Kachigawoko kakakhala kotuwa, puleti yonse ituwa. N'chifukwa chake HDRI ya Chiphaliwali yathandiza kabatani kokha.

ChiphaliwaliZW

Ndiye theka ndinalondola. Lembani.

Kachepa3D

Sekuru, ndaona. M'kalilole muli chikhoma chambuu, palibe nyali ngakhale imodzi. Lenzi ndi 85 mm. Ndizungulitse HDRI?

Sekuru_Phiri_Renda

Utha kuzungulitsa, koma udzakhala ukusaka mwamwayi ngati wofuna ndalama yogwera mu kombi. Bwino umange wekha chimene puleti ione. Tsitsa `Strength` ya HDRI ifike cha pa 0.2, ingotsala yodzaza mithunzi. Usiye `Roughness` pa 0, ndipo uike `Area` yoyamba, `Shape` yake ikhale `Rectangle`, yopyapyala koma yaitali, tinene masentimita 15 m'lifupi ndi mita imodzi m'litali. Uisunthe mpaka uione m'kalilole, cha kumanzere kwa puleti. Uike yachiwiri cha kumanja, yotakatirapo koma yofooka, mphamvu yake ikhale gawo limodzi mwa magawo atatu a yoyamba. Pakati pa ziwirizo pakhale mdima. HDRI ikamalowererabe pakatipo, ika chikwangwani chakuda, kungoti puleni wamba wopakidwa zakuda, kumbuyo kwa nyalizo kumene puleti ikuyang'ana.

Tsopano tchera khutu, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa. Nyali zimenezi ziime chilili, zisagone. Timizere tako ndi togona, ndiye monga wanenera Nachisale, chitsulo chimapaka chithunzi kupita m'mwamba ndi pansi, koma kumanzere ndi kumanja chimapaka pang'ono chabe. Kusiyana kulikonse kwa kuwala ndi mdima kumene kuli m'mwamba ndi pansi kudzafufutika. Kumene kuli kumanzere ndi kumanja kudzatsala. Ukagoneka nyali yaitali, idzapakika puleti yonse n'kukubwezera pepala lako lija. Ukaiimika, idzatuluka ngati mpango wowala wotsika kuchoka pamwamba mpaka pansi, m'mbali mwake mukuzimirira pang'onopang'ono kulowa mu mdima. Mpango umenewo ndi umene diso limauzindikira kuti uyu ndi aluminiyamu wokwecha, ngakhale lisanaone kamzere n'kamodzi komwe.

Ukatero bweza `Roughness` pa 0.3. Kumbukira kuti pa 0 `Anisotropic` ilibe chotambasula, ndiye usadabwe kuti m'kalilole simunali kusintha.

Chinanso, usalunjikitse kamera pankhope penipeni. Puleti idzakhala ikuyang'ana kamera yomweyo ndipo nyali uzisowa poika. Pendeketsa bokosi madigiri 20 kapena 30, zonse zipepuka.

Kachepa3D

Amayo! Chatuluka chitsulo. Ndinayamba ndagoneka nyali mwadala kuti ndione ngati Sekuru akunena zoona, ndipo pepala linabwereradi. Nditaimika, mipango iwiri yatulukira, wowala kumanzere, wofooka kumanja, pakati pakuda bwino. Tsopano timizere teniteni sitikuoneka. Ndaika Noise Texture yotambasula kudzera pa Mapping, `Scale` ya X pa 4, ya Y pa 2000, kulowa mu Bump. Pa sikirini ndikayandikira ndimationa, koma renda ikatha pali posalala ngati ndapukuta.

ChiphaliwaliZW

Kwezani `Strength` ya Bump mpaka 1. Muwonjezenso Y ifike 5000, timizere tichuluke.

Nachisale_D

Ayi amwene, pamenepo muwapweteka. Kachepa, `Scale` ya pa Noise Texture penipeni ili pa chiyani? Ngati simunaikhudze ili pa 5, ndipo imachulukitsana ndi ya pa Mapping. 2000 kuchulukitsa ndi 5 ndi 10000. Ngati mukugwiritsa ntchito `Object` ya pa Texture Coordinate ndipo bokosi lili pa msinkhu wake weniweni, ndiye kuti muli ndi timizere pafupifupi 10000 pa mita, kamodzi n'kokula mamilimita 0.1. Tsopano werengani mbali inayo. Chithunzi chanu ndi cha mapikiselo 1920 m'litali, puleti ikutenga mwina 1500 mwa amenewo. Mamilimita 300 kugawa 1500, pikiselo imodzi ikuimira mamilimita 0.2. Timizere tiwiri tikukanganirana pikiselo imodzi. Cycles imangotisakaniza n'kutulutsa mtundu wapakati, ndipo tochepa totsala, chochotsa phokoso chija chimatiyesa phokoso n'kutisesa.

Timizere ta chitsulo chenicheni ndi tating'ono kuposa pamenepo, n'zoona, koma ntchito ya tosaonekato yagwiridwa kale ndi `Anisotropic`. Noise ingoonjezera tochepa tikuluikulu toti diso ligwirepo. Tikhale tokula mapikiselo atatu kapena anayi. Yesani izi:

```
Texture Coordinate: Object
Mapping Scale: X 4, Y 1500, Z 1
Noise Texture: Scale 1, Detail 2
Map Range: To Min 0.25, To Max 0.38  -> Roughness
Bump: Strength 0.2, Distance 0.0001  -> Normal
```

Kamzere kamodzi kakhala cha m'ma mamilimita 0.7, kutalika kwake pafupifupi kota ya mita, ndiye sitikhala tothamanga puleti yonse ngati tojambula ndi rula. Musanayese, sankhani puleti mudine `Ctrl+A` ndi kusankha `Scale` yokha. Osati `Rotation`, chifukwa mukatero Y yanu ija isanduka Z ndipo timizere tisowanso.

BamboAkeTadala

Ine Bump ndikanaichotseratu. Noise ingolowa mu `Roughness` basi. Bump pa timizere tating'ono choncho imabweretsa kuthwanima, makamaka bwana akadzati tsopano ndikufuna kavidiyo bokosi likuzungulira. Zinandichitikira, chitsulo chimachita kunyerenyetsa ngati pali nyerere. Ndinarenda usiku wonse pa invetala, batire mpaka kulira, m'mawa n'kutaya zonse.

Nachisale_D

Pa kavidiyo ndikuvomera. Pa chithunzi choima, popanda Bump timizere timaoneka ngati tosindikiza pa pepala, tilibe kuya. Chochotsa phokosonso chimayang'ana `Normal` pofuna kudziwa zoti chisunge, ndiye zimene zalowera ku Bump zimapulumuka kuposa zimene zili mu `Roughness` mokha.

BamboAkeTadala

Pa kapepala ka malonda kosindikizidwa m'tauni muno, ndani adzaone kuya kwa kamzere ka mamilimita 0.7? Inki yokha idzakafufuta.

Nachisale_D

Bwana adzayamba waona pa foni yake, atakulitsa ndi zala ziwiri. Amatero onse.

MadalaAkuMagaba

Ine za makompyuta zanuzo sindizimva, koma ndaona chithunzi mwaikacho. M'mphepete mwakuthwa ngati lezala. Puleti yotero singatuluke m'manja mwa munthu, ingadule kasitomala. Timapala ngodya ndi tupa nthawi zonse. Komanso mbali yopyapyalayo sikhala ndi mizere yofanana ndi pankhope, imakhala ndi zipsera za podula.

Sekuru_Phiri_Renda

Mwaona? Madala atiposa tonse. Kachepa, ika Bevel modifier, `Amount` theka la milimita, `Segments` 2 kapena 3. Kangodya kameneko ndi kopindika, ndiye kadzagwira nyali zimene nkhope sikuziona, n'kutulutsa kamzere kowala kozungulira puleti yonse. Ndi kamene kamalekanitsa puleti ndi bokosi lakuda lili kumbuyo. Ngati utaika Bevel ndi `Shade Smooth` nkhope yayamba kuoneka yotupa, mipango ija yapindika ngati uta, ndiye kuti kusalaza kwadya nkhope yafulati. Chonga `Harden Normals` pa Bevel pomwepo, kapena onjezera Weighted Normal pansi pake. Pa pulasitiki vuto limeneli limabisala, pa chitsulo limaonekera poyera.

Kachepa3D

Zatupadi, ndachonga `Harden Normals`, zawongoka. Timizere tikuoneka tsopano, makamaka m'mbali mwa mpango mmene kuwala kukuzimirira. Pakati pa mpango wowala uja sitikuoneka, payera mbee.

Sekuru_Phiri_Renda

Nyali yapsa. Aluminiyamu akubweza pafupifupi kuwala konse, ndiye nyali yamphamvu imasanduka banga loyera lopanda kanthu mkati. Tsitsa `Power` mpaka timizere tiyambe kuoneka mkati mwa mpangomo. Timizere timakonda malo apakati, osati poyera kwambiri kapena pakuda kwambiri. `View Transform` ili pa chiyani?

Kachepa3D

AgX.

Sekuru_Phiri_Renda

Isiye pomwepo, imasunga zowala kuti zisapse msanga. Chithunzi chikaoneka chozizira, sankha `Look` yokhala ndi kusiyanitsa kwambiri.

ChiphaliwaliZW

Ine AgX imanditopetsa, zonse zimatuluka ngati kunja kuli chifunga cha mu Juni. Ndimaika `Standard`, mitundu ya chizindikiro cha kampani imatuluka yeniyeni. Bwana wa Kachepa akadzaona kuti chobiriwira cha pa dzina lake chafwifwa adzalusa.

Nachisale_D

Pa mitundu ya chizindikiro Chiphaliwali akunena zoona, lero kawiri. Koma pa `Standard` mpango uja upsa msanga. Ine ndimarenda chitsulo pa AgX, chizindikiro ndimadzachikonza padera pambuyo pake. Ena amachita mosiyana, sindilimbana nawo.

MlongoWaHatfield

Kathumba kaja kapeza wonyamula, zikomo abale.

Kachepa3D

Bwana wayankha. Akuti puleti adzaikuta anodayizi yopanda mtundu, ndiye Bambo a Tadala munalosera. Ndatsitsa `Base Color` kufika cha pa 0.8, `Roughness` ndakweza kuyambira 0.32 mpaka 0.45, mipango yafewa koma ikadalipo. Sindikudziwa ngati ndi mmene idzaonekere ikadzatuluka, ndamupempha kachidutswa kotsala ndikaike pambali pa sikirini. Bump ndaisiya, koma ndatsitsa `Strength` pa 0.1 kuti mbali zonse ziwiri musandidane. Renda ndiyatsa magetsi akabwera usiku uno.

Koma wabweretsa ina. Akuti timizere tiime chilili, tisagone, chifukwa makina a kumene akakwechetse amakoka motsatira mbali yaifupi.

Sekuru_Phiri_Renda

Ndiye sinthanitsa 4 ndi 1500 pa Mapping, bweza `Anisotropic Rotation` pa 0, ndipo nyali zako ziwiri zigone, ina m'mwamba ina m'munsi. Yamba ndi kalilole ngati poyamba paja.

MadalaAkuMagaba

Muuzeni bwanayo abwere nayo ku Siyaso. Ine ndimakoka mbali iliyonse imene munthu akufuna.